Mjeremani ndi Mjapani pa tebulo limodzi: moni, maina ndi kakanidwe

Pa misonkhano ya zachitukuko ku Lilongwe si zachilendo kupezeka mwakhala pakati pa mlendo wa ku Jeremani ndi wina wa ku Japani, poti mabungwe a zachitukuko a mayiko awo, GIZ ya ku Jeremani ndi JICA ya ku Japani, onse ali ndi ntchito m'dziko muno. Onse awiri amalemekeza ulemu, koma ulemu umene ungasangalatse uyu ukhoza kudodometsa uyo.

Kwa Mjeremani, moni ndi wachidule. Mugwireni chanza kamodzi, mogwira ndithu, mukumuyang'ana m'maso, n'kutchula dzina lanu ndi kumene mumagwira ntchito. Kuyang'ana pansi, komwe kwathu kuno n'kulemekeza wamkulu, iye angakuone ngati kudzikayikira. Zofunsa za ana ndi amayi kunyumba zisiyeni kaye mpaka mutazolowerana. Pomulembera, yambani ndi Herr ngati ndi bambo kapena Frau ngati ndi mayi, kenako dzina la makolo ake. Ngati pa khadi lake la dzina ndi ntchito pali Dr., musalidumphe. Dzina loyamba dikirani alipereke yekha, ndipo mwa mwambo wawo amayamba kutero ndi wamkulu pa msinkhu kapena pa udindo. Achinyamata ambiri safuna zonsezi, koma ndi bwino akuuzeni okha.

Mjapani naye muitaneni ndi dzina la makolo, n'kuwonjezera san kumapeto, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Pa dzina lanu musaikepo san, kumeneko n'kudzilemekeza nokha. Chenjeraninso ndi khadi lake: kwawo dzina la makolo limayamba, ndipo kuyambira mu 2020 boma lawo limalemba choncho ngakhale m'zilembo zathuzi, pomwe makadi ena amaliika kumapeto. Kufunsa kuti lofunika kuitanira ndi liti si cholakwa. Khadilo lilandireni ndi manja awiri, monga timalandirira chinthu kwa akuluakulu, muwerame pang'ono, muliwerenge, n'kuliika pa tebulo mpaka msonkhano uthe. Osalembapo, osalipinda, osalilowetsa m'thumba lakumbuyo.

Zonsezi munthu akalakwitsa amakhululukidwa, chifukwa aliyense akuona kuti ndinu a dziko lina. Pomwe ntchito imawonongekera ndi pa kuvomera ndi kukana.

Tinene kuti Mjeremani wakufunsani Lolemba ngati lipoti la ndalama lingafike Lachisanu. Inu mukudziwa kuti malisiti a kumaboma awiri sanabwere, koma poopa kukhumudwitsa mlendo mwayankha kuti "tiyesetsa". Mmalawi mnzanu wamva kale kuti zavuta. Mjeremani sanamve kukana kulikonse, ndiye walemba Lachisanu mu kalendala yake, mwinanso wauza kale akuluakulu ake. Tsikulo likadutsa, chimene chimamupweteka kwambiri n'chakuti munkadziwa koma simunanene, ndipo nthawi ina adzakayikira ngakhale lonjezo loona. Yankho loyenera likhale ndi zinthu zitatu: kukana komveka, chifukwa chake, ndi tsiku limene mungakwanitse. "Lachisanu sizitheka chifukwa malisiti a maboma awiri sanafike. Ndingatumize Lachitatu sabata yamawa, kapena gawo lomwe latha mulilandire Lachisanu lomwelo." Kwa ife mawuwa akumveka owuma, koma kwa iye ndi a munthu wodalirika. Chimodzimodzi akakuuzani pagulu kuti chiwerengero cha pa tsamba 4 n'cholakwika, musapse mtima: akunena za chiwerengerocho, sakunyoza inu.

Ndi Mjapani zinthu zimatembenuka, ndipo apa ife timagwa m'mbuna yomwe timaidziwa bwino. Mukufotokoza pempho lanu, iye akugwedeza mutu n'kumati inde, inde. Kumeneko n'kusonyeza kuti akumva, sanavomere. Akati "n'zovutirapo pang'ono" kapena "tikaliganizira", makamaka atayamba wakhala chete kapena kukoka mpweya m'mano, kawirikawiri wakana. Mukamupanikiza pamaso pa anzake kuti anene inde kapena ayi, mwamuchititsa manyazi, ndipo yankho simulipezabe, chifukwa m'mabungwe ambiri a kwawo chiganizo chimadutsa mwa anthu angapo chisanavomerezedwe. Chothandiza n'kumupeza pambali nthawi ya tiyi n'kufunsa kuti, "Ndi mbali iti ya pempholi imene ingavute kwa anzanu ku likulu?" Funso lotere angaliyankhe popanda kukukanirani maso ndi maso. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo ndi mawu, akuganiza.

Onse awiri akakhalapo, nkhani ya masiku ndi ndalama ineneni mosabisa, koma chotsutsa maganizo a Mjapani chisungireni pambali. Msonkhano ukatha, tumizani imelo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake yonena zomwe mwagwirizana, amene achite chilichonse ndi tsiku lake, n'kupempha kuti amene anamva mosiyana akonze.