Kusiya kusamba usanafike zaka 40, nkhani si ya mwana yokha

Mayi wina wa zaka 33 wochokera ku Chibavi anabwera ku kiliniki kwathu mu Juni, kunja kukuzizira mmene mumaidziwira Mzuzu, ife tonse tili mmajuzi koma iye akudzikupiza ndi buku la kuchipatala. Akuti adokotala, usiku ndikumadzuka thukuta lili kamukamu mpaka kusintha chitenje, ndayezetsa malungo kawiri, makhololo anayezanso palibe TB. Nditafunsa za kumwezi ndi pomwe anati papita miyezi 7 osasamba, ndipo chaka chathacho zimangobwera modumphadumpha. Ali ndi mwana mmodzi, apongozi ayamba kale kufunsa kuti wachiwiri ali kuti.

Sitithamangira kunena kuti mazira atha ayi. Timayamba tayeza mimba, kenako kufunsa ngati akuyamwitsa kapena ali pa jakisoni wa depo, chifukwa depo amaimitsa msambo ndipo ukasiya ukhoza kudikira mpaka chaka usanabwerere mchimake. Chithokomiro nachonso chimasokoneza msambo. Kwa mayiwa zonsezi panalibe, ndiye tinatumiza magazi kukayeza FSH.

FSH ndi homoni yochokera mmutu yomwe imauza mabasiketi a mazira kuti agwire ntchito. Mabasiketiwo akafooka mutu umangoonjezera kuitana, ndiye FSH imakwera. Munthu wosakwana zaka 40, msambo wasowa kapena kusokonekera kwa miyezi 4, FSH nkupitirira 25, mbuku timalemba POI, kutanthauza kuti mabasiketi a mazira afooka nthawi isanakwane. Ya mayi aja inatuluka 68. Zimachitikira pafupifupi mayi mmodzi mwa 100 aliwonse, mwinanso kuposa, pomwe ambiri amasiya kusamba cha mma 50.

Funso lawo loyamba linali loti kodi ndi zolera zomwe ndinkamwa zija? Ayi ndithu, mapilitsi kapena depo samaliza mazira, ndipo palibe anakumangani. Ena zimabwera ndi mankhwala a khansa kapena opaleshoni yokhudza mabasiketiwo, ena ndi zakumtundu, ena chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi ziwalo zake zomwe (nchifukwa chake timayezanso chithokomiro), koma ambiri chifukwa chake sichipezeka ngakhale tiyeze bwanji.

Pa za mwana ndimanena mosabisa ngakhale zimawawa. Mabasiketiwa safa kotheratu, nthawi zina amadzidzimuka nkutulutsa dzira, moti amayi 5 mpaka 10 mwa 100 amatenga mimba paokha, koma palibe mankhwala otsimikizika okweza mwayi umenewu, kaya a kuchipatala kaya a zitsamba. Anthu amatha ndalama za fetereza kuzungulira kwa asing'anga ndipo zimandimvetsa chisoni. Njira yomwe imathandizadi ndi yolandira dzira la mayi wina nkuika mchiberekero, poti chiberekerocho chimakhala chabwinobwino, kungoti ndi yodula zedi.

Chomwe ndinakhalira nawo nthawi yaitali ndi mafupa, pomwe iwo samaganizako nkomwe. Mabasiketi aja amapanganso esitirojeni, yomwe imasunga mafupa kuti asafumbwe komanso kuteteza mitsempha ya mtima. Wa zaka 33 akaisowa ndiye kuti akhala zaka 17 kapena kuposa opanda chitetezo chomwe anzake ali nacho, ndipo fupa silipweteka likamafooka, umangodziwira tsiku loterereka pamatope nkuthyoka dzanja kapena chiuno. Kutentha thupi kuja, kusowa tulo, kupsa mtima pachabe, kuuma kumaliseche mpaka kumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi abambo, gwero lake ndi lomweli.

Ndiye chithandizo ndi kubwezera mahomoniwo mpaka zaka 50 kapena 51, osati kungomwa miyezi itatu thukuta likatha nkusiya. Amene ali ndi chiberekero samwa esitirojeni yekha, pamafunika pulojesiteroni pambali, apo ayi khoma la chiberekero limakhuthala mpaka likhoza kuyambitsa khansa. Mapilitsi olera a mahomoni awiri aja amathanso kugwira ntchitoyi, koma amatseka kamwayi ka mimba kaja, pomwe mahomoni obwezera enawo satseka. Chinanso, osakangogula ku famase, amene anadwalapo khansa ya bere kapena magazi kuundana mmitsempha ayenera kuonedwa kaye, BP nayonso timayeza.

Mayi aja anasankha mahomoni osatseka mimba. Ndinawauza kuti magazi omwe azionawo akubwera ndi mankhwala, si chizindikiro choti mazira abwerera, ndipo akadumpha mwezi ayezetse mimba. Pofuna kulimbitsa mafupa, usipa ndi bonya azidya ndi minga yomwe, mkaka ukapezeka, kuyenda pansi osangodalira kabaza, fodya ayi. Atabweranso patatha miyezi itatu anabwera ndi amuna awo, tulo akugona, ndipo bamboyo ndi amene anafunsa kuti adokotala, nanga mayi anga kumudzi ndikawafotokozere bwanji.