Kusandutsa masilaidi a opikisana nawo kukhala tebulo la mphamvu ndi zofooka

Pa ntchito yanga yolangiza mabizinesi ang'onoang'ono ndimalandira kawirikawiri masilaidi ofotokoza anthu amene bizinesi ikupikisana nawo pamsika, ndipo pempho limakhala lakuti zonsezo zilowe m'tebulo limodzi loonetsa mphamvu ndi zofooka za aliyense. Ambiri amaona ngati ntchitoyi ndi yongokopera mawu n'kuwaika m'timabokosi, koma vuto lake lili pa kasanjidwe. Masilaidi amasanjidwa motsata wopikisana naye, aliyense ndi tsamba lake, ndipo wolemba amaikapo chimene chinamukopa maso pa ameneyo. Tebulo limasanjidwa motsata funso, ndipo funso lililonse liyenera kufunsidwa kwa onse mofanana.

Tiyerekeze kuti gulu lina la ku Mchinji limapanga chiponde ndipo likufuna kuchilowetsa m'magolosale a ku Lilongwe. Masilaidi ake akunena za opikisana atatu: fakitale yaikulu ya m'tauni, gulu laling'ono longa lawolo, ndi kampani yoitanitsa chiponde kunja. Mitengo imene nditchule ndi yongophunzitsira.

Choyamba ndi kutulutsa mfundo zonse m'masilaidi musanaganize n'komwe za maonekedwe a tebulo. Mu PowerPoint, mukasankha View kenako Outline View, mawu a pa masilaidi onse amaoneka pamndandanda umodzi, ndipo mukhoza kuwakopera ku Excel. Chenjerani pamenepa, chifukwa mndandandawo umaonetsa mitu ndi mawu a m'malo aakulu olembamo okha, koma umasiya mawu a m'timabokosi towonjezera, a m'matebulo ndi a pa zithunzi, pamene nthawi zambiri mitengo imabisala m'menemo. Bwererani pa silaidi iliyonse ndi maso, muonenso zolemba za pansi pa Notes. Mfundo iliyonse ikhale pa mzere wakewake, pamodzi ndi dzina la wopikisana naye, nambala ya silaidi imene yachokera, ndi mwezi umene inapezeka.

Mukatero mudzaona kuti masilaidiwo sakuyankha mafunso ofanana. Ya fakitale ikunena za mtengo ndi magalimoto operekera katundu, ya gulu laling'ono ikunena za kakomedwe, ndipo ya kampani yoitanitsa kunja ikuyamikira botolo lokongola. Apa m'pamene mumasankha mafunso a tebulo, ndipo asanu kapena asanu ndi limodzi amakwana: mtengo, kukula kwa botolo, chizindikiro cha bungwe loona miyezo la MBS, kaperekedwe ka katundu kwa ogulitsa, ndi ngongole imene mwini golosale amapatsidwa. Mafunso akhale m'mizere yopingasa, opikisana akhale m'mizere yotsika, ndipo bizinesi yanu nayonso ipatsidwe mzere wake wotsika, popeza mphamvu ya mnzanu imadziwika poiyerekeza ndi yanu.

Pa mtengo m'pamene matebulo ambiri amasocheretsa. Silaidi ya fakitale ikuti botolo la magalamu 400 ndi K4,000, ya gulu laling'ono ikuti la magalamu 250 ndi K2,800, ndipo ya kampani yoitanitsa kunja ikuti la kilogalamu imodzi ndi K9,000. Wokopera mothamanga amalemba kuti gulu laling'ono ndi lotsika mtengo ndipo kampani ya zakunja ndi yokwera mtengo. Koma mu Excel mukaika mtengo m'kabokosi ka B2 ndi magalamu m'kabokosi ka C2, n'kuwerengera mtengo wa magalamu 100 aliwonse, chithunzi chimatembenuka.

```
=B2/C2*100
```

Fakitale ikugulitsa magalamu 100 pa K1,000, gulu laling'ono pa K1,120, ndipo kampani ya zakunja pa K900. Ngati gulu la ku Mchinji likugulitsa botolo la magalamu 500 pa K5,250, ndiye kuti lili pa K1,050, kutanthauza kuti likuposedwa ndi awiri ndipo likuposa mmodzi yekha, yemwe poyamba amaoneka ngati ndiye wotchipa. Onetsetsaninso kuti mitengo yonse ndi ya mtundu umodzi, chifukwa mtengo wopikulitsa suyerekezeka ndi mtengo wa pa shelefu, komanso kuti yonse ndi ya nyengo imodzi. Mwachitsanzo, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo wolembedwa mwezi umenewo usanafike sukanakhala pamzere umodzi ndi wolembedwa pambuyo pake, makamaka wa katundu wochokera kunja. N'chifukwa chake ndinati mwezi ulembedwe pambali pa mfundo iliyonse.

Komabe nambala payokha siinakuuzeni ngati chinthucho ndi mphamvu kapena chofooka. Zimenezo zimatengera wogula amene mukumulingalira, ndipo wogulayo ayenera kulembedwa pamwamba pa tebulo. Kwa mayi amene walowa m'golosale ya ku Kawale ali ndi K3,000 m'manja, botolo la kilogalamu silimuthandiza ngakhale lili lotchipa pa galamu, chifukwa sangalikwanitse lero, ndipo kabotolo ka magalamu 250 ndi kokhako kamene angatuluke nako. Kwa iye, kabotolo kakang'ono ndi mphamvu ya gulu laling'ono lija, ndipo gulu la ku Mchinji lili ndi chofooka chimene sichinalembedwe pa silaidi iliyonse: lilibe botolo la mtengo wosakwana K3,000. Kwa woyang'anira khitchini ya sukulu yogonera komweko, amene amagula zambiri nthawi imodzi, chigamulo chimakhala chosiyana. Ine ndimalangiza kuti ngati ogula ali a mitundu iwiri, matebulo akhalenso awiri, m'malo mokakamiza chigamulo chimodzi chimene sichikukwanira aliyense.

Mawu a maganizo, monga akuti chiponde chawo n'chokoma kapena akuti amadziwika kwambiri, asalowe m'tebulo opanda umboni. Funsani kuti ananena ndani, ndipo ngati yankho lili lakuti ogulitsa anayi mwa asanu ndi mmodzi amene anafunsidwa anatero, lembani zimenezo m'kabokosimo. Ngati linali lingaliro la wolemba masilaidi yekha, liikeni pansi pa tebulo monga nkhani yofunika kufufuzidwa.

Cholakwa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha timabokosi topanda kanthu. Silaidi ya fakitale yatchula chizindikiro cha MBS, koma ya gulu laling'ono sinanene chilichonse, ndiye wodzaza tebulo amalemba kuti gululo lilibe chizindikiro, n'kuchiwerengera ngati chofooka. Kusatchulidwa kwa chinthu si umboni wakuti chinthucho palibe. Pa chiponde nkhaniyi ndi yolemera, chifukwa mtedza wosasungidwa bwino umachita chuku chimene chimatulutsa poizoni, ndipo kunena za mnzanu kuti alibe chizindikiro musanaone ndi kumuneneza. Lembani kuti sizinafufuzidwe, kenako tumani munthu akagule botolo limodzi kuti muwerenge nokha zimene zalembedwapo.

Pomaliza pake mumabweza tebulo mu PowerPoint kudzera pa Insert ndi Table, kabokosi kalikonse kali ndi mfundo yake yeniyeni ndi liwu loti mphamvu kapena chofooka. Musadalire utoto wobiriwira ndi wofiira wokha, chifukwa pepala likasindikizidwa mwakuda ndi moyera utotowo umafanana. Musanalipereke, werengani mzere uliwonse mopingasa mokweza mawu. Ngati pa mzere wa kaperekedwe ka katundu kabokosi kena kakunena za masiku amene galimoto imabwera pamene kena kakunena za ulemu wa woyendetsa, ndiye kuti mzerewo uli ndi mafunso awiri, ndipo uyenera kugawidwa.