Musadikire kuti kampani ikumvereni chisoni

Ndagwira ntchito kubanki kuno ku Zomba zaka zingapo, ndipo mawu amene andilemetsa makutu ndi awa: "Ndinasiya kale, koma akundidulabe." Ndikafunsa kuti munasiya bwanji, ambiri amati anafufuta pafoni pulogalamu ya kampani imene ankailipira ndi khadi mwezi ndi mwezi. Abale anga, kufufuta pulogalamu si kuthetsa mgwirizano. Kampaniyo idakali ndi nambala ya khadi lanu komanso chilolezo chimene munapereka chodula ndalama mwezi ndi mwezi.

Koma amene sachoka m'mutu mwanga ndi mayi wina wa ku Matawale amene anachita zonse molondola. Ankalipira K45,000 pamwezi ku kampani yakunja yophunzitsa pa intaneti. Pa 3 Malichi anathetsa mgwirizano, ndipo analandira imelo yotsimikiza. Pa 10 Malichi anamudula. Pa 10 Epulo anamudulanso, pa 10 Meyi chimodzimodzi. Miyezi yonseyi ankalembera kampaniyo, iwo n'kumayankha kuti nkhaniyo akuiona. Anafika pa tebulo langa pa 5 Ogasiti.

Tsono mvetsani mmene tchajibaki, njira yobwezera ndalama zimene anadula pakhadi kudzera kubanki yanu, imayendera. Mukalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard, pamakhala mabanki awiri: yanu imene inakupatsani khadi, ndi ya wogulitsa imene inalandira ndalamazo. Mukadandaula, banki yanu imalemba mlandu kudzera ku Visa kapena Mastercard, n'kuitanitsa ndalamazo ku banki ya wogulitsa. Wogulitsa amapatsidwa mwayi woyankha, masiku 30 ku Visa. Akaonetsa kuti simunathetse, kapena munathetsa atadula kale, ndalama zimakhala zake. Akalephera kapena akangokhala chete, zimabwerera kwa inu. Pamlandu umenewu palibe amene adzaone nkhope yanu kapena kumva kulira kwanu. Amawerenga mapepala basi.

Ndipo pali malire a nthawi. Pa nkhani ngati iyi amakhala masiku 120 kuchokera tsiku limene anadula, ndipo kudula kulikonse kumawerengedwa pakokha. Kwa mayi uja, masiku a ndalama za Malichi anatha cha pa 8 Julayi. Za Epulo zinatsala ndi masiku atatu okha. Tinalemba mlandu tsiku lomwelo, ndipo za Epulo ndi Meyi zinabwerera. Za Malichi zinapita, ngakhale umboni wake unali woyera ngati mpunga. Anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, ndinalakwa chiyani?" Sanalakwe kuyamba walembera kampani, chifukwa banki imafunsadi ngati munayesa kukambirana ndi wogulitsa. Analakwa kudikira miyezi isanu. Ine ndimati lemberani kampani kamodzi, ipatseni sabata ziwiri, zikapanda kutheka bwerani kubanki.

Chimene chinamupulumutsa ndi imelo ija, chifukwa inali ndi tsiku, ndipo tsikulo linali lisanafike la kudula. Mlandu wonse umagona pamenepo. Ena amabwera ndi chithunzi cha pafoni cholembedwa `Cancelled` koma chosaonetsa tsiku kapena dzina la akaunti, ndiye wogulitsa amangoti munajambula dzulo. Ena amati anaimba foni. Munalankhula ndi ndani, liti? Palibe chimene analemba. Mukathetsa pafoni, tumizani imelo tsiku lomwelo yobwereza zimene mwagwirizana. Sungani nambala yotsimikiza ngati akupatsani, mauthenga onse a pakati panu, ndi sitetimenti yoonetsa tsiku ndi ndalama zimene adula. Jambulaninso malamulo awo othetsera mgwirizano, chifukwa ena amafuna muwadziwitse masiku angapo tsiku lodula lisanafike, ndipo mukachedwa ndalama za mwezi umenewo zimakhaladi zawo. Zonsezi zitumizeni ku imelo yanu. Mafoni amabedwa mumsika muno tsiku ndi tsiku.

Musanene kubanki kuti simukuidziwa kampaniyo pamene munaipatsa nokha nambala ya khadi. Umenewo ndi mlandu wina, wa kuba, ndipo wogulitsa akaonetsa kuti munalembetsa nokha, mwagwa. Nenani zoona: ndinalembetsa, ndinathetsa pa tsiku lakuti, anadulabe.

Dziwaninso kuti njira imeneyi ndi ya khadi. Ngati munatumiza ndalama pafoni kupita ku nambala ya munthu, kapena kuchokera ku akaunti kupita ku akaunti, tchajibaki palibe.

Ndipo chonde, chenjerani ndi anthu amene amaimba kapena kulemba pa WhatsApp kuti akuthandizani kubweza ndalama mukawapatsa kangachepe. Mlanduwu amalemba ndi banki yanu yokha. Wina akakufunsani nambala yachinsinsi, manambala atatu a kuseri kwa khadi, kapena OTP, nambala yotsimikizira malipiro imene yangolowa pafoni, dulani foniyo, chifukwa akufuna kukokolola zimene zatsala. Kubanki lembani fomu ya madandaulo, tengani nambala ya dandaulo lanu, ndipo ngati banki sikukuyankhani, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, mutanyamula nambala imeneyo.