Kufooka kwa amene akumwa mankhwala a bipi: ndi mapiritsi kapena ndi matenda?

Munthu akafooka thupi kuno kwathu, ganizo loyamba limakhala malungo. Akayezetsa n'kupezeka kuti alibe, amati mwina magazi achepa, ndiye kunyumba amayamba kumuphikira bonongwe ndi chisoso. Kawirikawiri palibe amene amafunsa za kapepala ka mapiritsi kamene kali pa windo, chifukwa anthu amati mankhwala a bipi si ogonetsa. Komatu ena mwa iwo amafoola, ndipo kafooledwe kake kali ndi zizindikiro zimene mungazione nokha musanafike kwa ife kuchipatala.

Tiyambe ndi gulu lotchedwa mabeta buloka. Odziwika kwambiri ndi atenololo ndi puropuranololo, ndipo odwala mtima ena amalandira bisopurololo kapena kavedilolo. Pa kapepala mayina awo amathera ndi zilembo zakuti lol. Ntchito yawo ndi kutchinga uthenga umene thupi limatumiza ku mtima kuti ufulumire ndi kupopa mwamphamvu. N'chifukwa chake bipi imatsika. Koma uthenga womwewo ndi umene mumaufuna mukamakwera chitunda kapena mukasenza thumba la chimanga. Minofu ikupempha magazi ambiri, mtima ukuyankha pang'ono, miyendo n'kuyamba kulemera.

Tiyerekeze bambo wa zaka 52 wa kabaza wanjinga, amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Chinamwali ndi msika waukulu wa Zomba. Wakhala akumwa atenololo wa mamiligalamu 50 kamodzi pa tsiku. Bipi itapezeka kuti idakali yokwera, mlingo wakwezedwa kufika pa 100. Patapita sabata akudandaula kuti pa chitunda chimene ankakwera osatsika, tsopano akukankha njinga. Akakhala pansi akumva bwino. Nsima akudya ngati kale, thupi silikutentha, sakutsokomola, koma manja ndi mapazi zikuzizira ngakhale kunja kuli dzuwa la Okutobala.

Ine funso langa loyamba kwa bambo ngati ameneyu limakhala la masiku. Ndimatsegula buku lake lakuchipatala kuti ndione tsiku limene mlingo unasinthidwa, kenako ndimamufunsa kuti kufookaku kunayamba liti. Kufooka kwa mankhwala kumayamba masiku ochepa kapena masabata awiri kuchokera pamene mwawayamba kapena mlingo wakwezedwa, ndipo kukafika pena pake kumaima, mwinanso kuchepa thupi likazolowera. Kufooka kwa matenda sikuyendera tsiku la m'buku, ndipo kumangokulirakulira. Ngati mwamwa mlingo womwewo kwa zaka ziwiri popanda vuto n'kuyamba kufooka mwezi uno, musafulumire kunamizira mapiritsi. Pali chimodzi chokha chofunika kukumbukira apa: atenololo amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye impso zikayamba kufooka, makamaka kwa achikulire, mlingo wakale womwewo umatha kuchulukana m'magazi.

Chachiwiri ndi kugunda kwa mtima, ndipo ichi mungawerenge kunyumba. Khalani pansi kwa mphindi 5, ikani zala ziwiri pamene dzanja lalumikizana ndi mkono, mbali ya chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni. Munthu wamkulu akapumula mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Matenda ambiri ofoola, monga malungo, kuchepa kwa magazi kapena kutha madzi m'thupi, amauthamangitsa mtima. Beta buloka amauchedwetsa. Bambo wathu uja tikamupeza ndi ka 52, zikhatho ndi mkati mwa zikope muli mofiira bwino, malungo mulibe, pamenepo chala chikuloza mapiritsi. Chimene chingachitike ndi kubwezera mlingo pa 50 n'kuwonjezera mankhwala a gulu lina, monga amulodipini, amene sachedwetsa mtima. Kunena zoona, kwa munthu wodya thukuta la miyendo yake amene alibe nthenda ya mtima, ine sindiona chifukwa choyambira ndi atenololo pamene ena alipo.

Koma kuwerengaku kuli ndi msampha wake. Popeza mankhwalawa amaugwira mtima kuti usathamange, munthu amene akumwa akhoza kudwala kwambiri mtima wake n'kumagunda ka 85 kokha, nambala yooneka ngati yabwinobwino. Kwa amene masiku onse amakhala pa 56, ka 85 ndi chizindikiro choti china chake chalakwika. Ndiye ndi bwino kudziwa nambala yanu pamene muli bwino ndi kuilemba kumapeto kwa buku lija. A shuga amene amabaya insulini kapena kumwa gilibenikilamaidi achenjere kwambiri: shuga akatsika, kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima zimene zimawachenjeza zimatha kubisika, n'kungotsala thukuta ndi kufooka kodzidzimutsa. Kumeneko musati ndi mapiritsi a bipi, imwani kapena idyani chotsekemera msanga.

Kulonidini, mankhwala a bipi a gulu lina, amafoola mwa njira ina. Iye amagwira ntchito mu ubongo, kuchepetsa uthenga uja usanatuluke n'komwe, ndiye chimene amabweretsa ndi tulo, kuuma m'kamwa ndi chizungulire mukaimirira mofulumira. Kuno sapezeka kawirikawiri, koma m'bale wake methilidopa, amene ambiri amamudziwa kuti aludometi, amaperekedwa kwambiri kusikelo kwa amayi oyembekezera a bipi. Kufooka kwa awiriwa sikudikira chitunda. Munthu amasinza ali pa mpando, makamaka maola ochepa atamwa piritsi, kenako m'maso mumayera nthawi yomwera lina ikamayandikira. Malungo ndi kuchepa kwa magazi sizitsata wotchi chotero. Tulo timeneti nthawi zambiri timachepa pakapita masiku angapo, ndipo nthawi zina adokotala amasunthira mlingo waukulu usiku. Mowa ndi mapiritsi a chimfine ngati piritoni zimawonjezera tuloto. Mayi woyembekezera asangoti ndi aludometi osayezetsa magazi ndi malungo, pakuti zonsezi zimakonda kubwera pamodzi, ndipo maso akayamba chikasu apite tsiku lomwelo, chifukwa mwa apo ndi apo mankhwalawa amavulaza chiwindi kapena kuphwanya magazi.

Pali zinthu zimene mapiritsiwa safotokoza ngakhale masiku atagwirizana bwanji. Kutentha thupi, kutsokomola kopitirira masabata awiri, thukuta la usiku ndi kuwonda zimafuna kuyeza malungo ndi chifuwa chachikulu. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi zimafuna kuyeza shuga. Kutupa mapazi ndi kubanika mukagona chagada zikusonyeza mtima umene ukulephera. Ndipo ngakhale vuto litakhala mapiritsi omwewo, mtima ukamagunda kochepera ka 50 inu mukumva chizungulire, kapena mwakomoka, kapena pachifuwa pakulira ngati mphumu, musadikire tsiku lanu la kiliniki.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi munthu amene wazindikira bwino kuti akufooka ndi mapiritsi, n'kungowasiya yekha. Thupi limene lazolowera beta buloka likamasulidwa mwadzidzidzi, mtima umathamanga kuposa kale, ndipo amene ali ndi mitsempha ya mtima yopapatiza akhoza kumva kupweteka pachifuwa kapena kugwa nayo nthenda ya mtima. Kulonidini ndiye woopsa zedi: pakangopita tsiku limodzi kapena awiri osamwa, bipi imatha kukwera kuposa mmene inalili musanayambe, mutu kuwawa, thukuta, kunjenjemera. Mankhwala onsewa amatsitsidwa pang'onopang'ono, pa masiku angapo kapena masabata, motsogozedwa ndi achipatala. N'chimodzimodzinso mapiritsi akamatha: pitani mukatenge ena akadalipo a masiku angapo, mutanyamula buku lanu ndi timapepala tonse ta mankhwala amene mukumwa, ngakhale ogula pa golosale.