Pa layivi ya kaunjika, mtengo sumanenedwa ku inibokosi

Pali mawu awiri amene akutayitsa ndalama ogulitsa kaunjika ambiri pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo ndimawamva pafupifupi layivi iliyonse. Oyamba ndi akuti "mtengo ku inibokosi". Achiwiri ndi akuti "iyi imakwana aliyense". Wogulitsa wavutika, wagula belo, wachapa, wasita, wagula bandulo ya intaneti, kenaka nkuima patsogolo pa kamera akubisa zinthu zomwe wogula wabwerera kudzamva. Pamsika wa Limbe kapena wa Lilongwe munthu amagwira chovala, amachitambasula, amachiyerekeza pathupi. Pa layivi alibe manja. Manja ake ndi pakamwa panu, ndiye chimene simunanene sanachione.

Kumbukiraninso kuti anthu salowa layivi nthawi imodzi. Wina walowa pamphindi yachiwiri, wina pamphindi ya 40, wina netiweki yamudula nkubwerera. Nchifukwa chake chovala chilichonse chiyenera kunenedwa ngati kuti ndicho choyamba, ndipo m'dongosolo limodzimodzi: nambala, dzina la chovala, muyeso, chilema, mtengo, kenaka mawu ogwirira. Musanayambe, matani kapepala ka nambala pa hang'ala iliyonse, ndipo m'kope lembani nambalayo, miyeso ndi mtengo. Kuyeza chovala anthu akuonera kumadya nthawi, ndipo apo mpamene amatuluka.

Mawu ake azimveka motere: "Nambala 14. Diresi yabuluu ya thonje, yosatanuka, zipi kumbuyo. Lebulo yalemba 12 koma ndi ya ku Amereka, ndiye mverani muyeso. Khwapa ndi khwapa mainchesi 20, kuzungulira chifuwa ndi 40. M'chiuno 17, kuzungulira ndi 34. Kutalika, kuchokera paphewa kufika pansi, 42. Ili ndi kabanga kakang'ono pansi kumanzere, nako apa, sikanachoke pochapa. Mtengo K15,000, osaphatikiza kutumiza. Amene mwaifuna lembani 14 yanga." Mawu onsewa satha mphindi imodzi. Mukatero mtengo ubwerezeni kawiri, chovala chili m'manja, kenaka dikirani pang'ono musanatenge china, chifukwa zimene mukulankhula zimafika kwa oonera patapita masekondi angapo. Wogulitsa wothamanga amaika nambala 15 pakamera pamene oonera akulemba za 14, ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepo.

Tsopano nkhani ya sayizi, imene imandipweteka mtima kwambiri chifukwa amene amalira nayo ndi wogula wakutali. M'belo imodzi mumatuluka zovala zochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo nambala ya pa lebulo sitanthauza chinthu chimodzi. Diresi yolembedwa 12 ya ku Amereka ikufanana ndi 16 ya ku Mangalande. Imene a ku Mangalande amati 12, a ku Amereka amati 8, pomwe ku Jeremani amailemba 38 ndipo ku Faransa 40. Chilembo L cha chovala chosokeredwa msika wa ku China kawirikawiri chimachepa poyerekeza ndi L wa ku Ulaya. Onjezani apa kuti chovalacho chinavalidwa kale: thonje limafupika pochapa, lamba wa m'chiuno amatha mphamvu, ndipo mwini wake woyamba mwina anachipinda kwa telala.

Tinene kuti diresi ya nambala 14 ija wogulitsa wa ku Ndirande wangoti "sayizi 12" basi. Mayi wa ku Mzuzu, amene anazolowera kuvala 12 ya ku Mangalande ndipo chifuwa chake ndi mainchesi 36, walemba kuti ndi yake. Walipira K15,000, waonjezera ya kutumiza, tinene K4,000, wadikira masiku awiri, wakwera kupita kukatenga phukusi. Wavala, diresi yagwa m'mapewa, m'khwapa mwatsala mpata wa chibakera. Kuibweza ku Blantyre ndi K4,000 ina, ndipo palibe amene akufuna kuilipira. Wogulitsa akuti ananena zoona, lebulo inalembadi 12. Inde sananame, koma mayiyo wataya K19,000 pa chovala chimene sangavale ku ukwati umene anachigulira, ndipo sadzagulanso. Zonsezi zikanapeweka ndi mawu anayi okha: khwapa ndi khwapa 20.

Kayezedwe kake sikovuta, koma kazichitika mofanana nthawi zonse. Yalani chovala patebulo, mangani mabatani kapena zipi, salazani makwinya osachikoka. Bulauzi, malaya ndi diresi muyeze kuchokera pamsoko wa khwapa lina kufika pa linalo, nkuwirikiza kawiri. Jinzi ndi thalauza muyeze lamba wa m'chiuno kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Mukapeza 16 ndiye kuti chiuno ndi 32. Kutalika kwake muyeze kuchokera pamphanda ya miyendo kutsika ndi msoko wa m'kati, chifukwa jinzi yolembedwa W32 L32 mutha kuipeza inadulidwa kufika pa 29. Ngati nsalu ndi yotanuka nenani miyeso iwiri, isanakokedwe ndi itakokedwa. Tepi ya telala ili ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina. Sankhani mbali imodzi ndipo muzitchula dzina lake, poti 40 ya masentimita sikwana ngakhale mainchesi 16.

Ogula ambiri sadziwa muyeso wa thupi lawo, ndipo musawauze kuti adziyeze okha, amalakwitsa. Auzeni atenge chovala chimene chimawakwana bwino, achiyale pamphasa kapena pabedi, achiyeze monga mukuyezera inu. Chiganizo ichi chibwerezeni kangapo m'kati mwa layivi: "Amayi, yezani diresi yanu yokukwanani, khwapa ndi khwapa, muyerekeze ndi nambala ndikutchulazi." Pa zovala za ana, nambala ngati 104 kapena 116 si sayizi yachilendo ayi, ndi msinkhu wa mwana m'masentimita: 104 ndi ya mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, 116 ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Tchulani zonse ziwiri, msinkhu ndi zaka.

Chilema chionetseni pafupi ndi kamera, chala chili pomwepo. Kabowo, batani losowa, zipi yolimba, kolala yoyera chifukwa chotha, zonse. Wogula kaunjika amadziwa kuti sakugula chatsopano; chimene chimamukwiyitsa ndi kuchipeza yekha atatsegula phukusi. Mtundu utchuleni ndi pakamwa, chifukwa babu ya m'nyumba imasandutsa choyera kukhala chachikasu ndipo buluu wakuda amaoneka wakuda bii. Kamera ya kutsogolo kwa foni nthawi zambiri imatembenuza zilembo ngati kalilole, ndiye musadalire kuti anthu awerenga lebulo kapena kapepala ka mtengo, werengani inuyo.

Za mtengo ndibwerezenso. Ena amaubisa poganiza kuti anzawo ogulitsa awatsitsira, ena kuti aone kaye chithunzi cha wofunsayo asanatchule. Oonera amazidziwa zimenezi, ndipo akangoganiza kuti mtengo umasintha malinga ndi nkhope, amasiya kukhulupirira chilichonse. Komanso anthu 30 akafunsa ku inibokosi, mumathera usiku mukuyankha, ndipo pofika m'mawa mtima wogula uja wazizira. Ngati mumalola kunenerera, nenani poyambirira kuti wogula zovala zitatu mumamuchotsera zingati. Ngati simulola, nenaninso, kuti makomenti asadzaze ndi "mutsitse asisi".

Lamulo la amene wagwira chovala linenedwe poyamba ndiponso pakatha mphindi khumi zilizonse. Makomenti saoneka mofanana pa mafoni onse. Aliyense amadziona ali woyamba pafoni pake. Ndiye muziti: "Woyamba ndi amene waonekera koyamba pafoni yanga, ndipo ndimutchula dzina. Wachiwiri ndimulemba ngati wodikira. Ndimasunga chovala maola awiri layivi ikatha. Ndalama zikapanda kufika, chipita kwa wachiwiri." Musasunge chovala mpaka kumapeto kwa mwezi popanda chikole. Ndalama zanu zili m'belo, ndipo chovala chogona m'chikwama milungu itatu chikudikira munthu amene wasiya kuyankha ndicho chimakulepheretsani kugula belo yotsatira.

Pa malipiro ndiye pamene pali akamberembere, ndipo amaonera layivi yanu limodzi ndi ogula. Akaona kuti mayi wina wagwira nambala 14, amamulembera mwachangu ndi akaunti yokhala ndi chithunzi chanu, nkumupatsa nambala yawo. Nchifukwa chake muziletsa ogula kulemba manambala awo a foni m'makomenti. Nambala yanu yolandirira ndalama ikhale imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya Mpamba, muikhomere pamwamba pa makomenti, ndipo muzitchula dzina limene lioneke wogula asanatsindike nambala yake yachinsinsi. Muziti: "Dzina likatuluka lina, musatumize." Inunso musakhulupirire chithunzi cha uthenga wa malipiro, kapena uthenga wochokera pa nambala wamba wonena kuti mwalandira ndalama. Imbani *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, muone ngati ndalama zakweradi, kenaka mupakire katundu. Wina akakuimbirani kuti watumiza zochuluka molakwitsa mumubwezere, musatumize kanthu musanaone nokha zimene zili mu akaunti. Nenaninso poyera ngati ya kutapira kwa ajenti ili pa wogula kapena pa inu.

Katumizidwe kasanenedwe ndi mawu akuti "timatumiza kulikonse", chifukwa mawuwa sauza munthu kanthu. Gawani patatu, ndi mitengo yake: "A mu Blantyre muno mutha kudzatenga Loweruka m'mawa, malo ndikuuzani ku inibokosi, kwaulere. Ofuna wa kabaza, mtengo ndi wa dera lanu ndipo ndikuuzani asananyamuke. A ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndimatumiza Lachiwiri ndi Lachisanu kudzera pa kampani yonyamula katundu, K4,000 phukusi la zovala zosapitirira zitatu, ndipo mukatengera ku ofesi yawo, osati pakhomo." Wogula wa ku Chitipa kapena ku Nsanje muyambe mwafunsa ngati kampaniyo ili ndi ofesi pafupi ndi kwawo musanalandire ndalama zake. Funsani dzina monga lilili pa chitupa cha unzika, pakuti la pa Facebook kawirikawiri si limenelo ndipo potenga phukusi atha kufunsidwa chitupa. Mukatumiza, jambulani risiti ndi phukusi lili ndi dzina, mumutumizire tsiku lomwelo. Kupatsira kondakitala wa minibasi pa depoti kumaoneka kotsika mtengo, koma palibe risiti, ndipo phukusi likasowa wobweza ndalama ndinu.

Za kubweza katundu zinenedwe layivi isanathe, osati vuto litabuka. Ngati muyeso umene munatchula wapezeka wolakwika ndi inchi yoposa imodzi, kapena pali chilema chimene simunaonetse, ndalama ya kubweza ikhale yanu. Ngati miyeso inali yolondola koma wogula sanayeze, chovala sichibwerera. Layiviyo musaifufute mpaka maphukusi onse atafika, chifukwa pakabuka mkangano umboni wa zimene munanena pa nambala 14 uli mmenemo.