Ijaza: chilolezo chochokera kwa shehe, osati kusukulu

Madarasa a Nizamiya atatsegulidwa ku Bagidadi m'chaka cha 1067, ophunzira ankapezako pogona, chakudya ndi aphunzitsi a malamulo a Chisilamu olipidwa ndi chuma cha wakifu, chimene woyambitsa sukulu ankachipatula kuti chizithandiza mpaka kalekale. Koma sukuluyo siinkapereka satifiketi. Katswiri akafunsidwa za maphunziro ake, ankatchula mashehe amene anakhala pamapazi awo ndi mabuku amene anawerenga pamaso pawo.

Buku linkadutsa kuchokera kwa shehe kupita kwa wophunzira m'njira ziwiri zodalirika: shehe kuwerenga ophunzira akumvetsera, kapena wophunzira kuwerenga mokweza shehe akukonza. Chifukwa chake n'chakuti mabuku anali olembedwa pamanja, ndipo Chiarabu nthawi zambiri chimalembedwa popanda zizindikiro za mavawelo aafupi, choncho wowerenga payekha akhoza kupotoza dzina kapena tanthauzo osadziwa. Buku likatha, mlembi ankalemba kumapeto kwake dzina la shehe, la wowerenga, la aliyense amene analipo, malo ndi tsiku. Amene anajomba chigawo china ankalembedwa kuti anajomba. Apa shehe ankapereka ijaza, chilolezo chakuti munthuyo akapatsire ena bukulo, ndipo dzina lake linkalumikizidwa ku isinadi, mndandanda wa anthu opatsirana wofika kwa amene analemba bukulo koyamba.

Mndandanda waufupi ndiwo unkasiririka, poti anthu akachepa mipata yolakwitsa imachepanso. Taonani za mayi Aisha binti Abdul Hadi a ku Damasiko, amene anamwalira mu 1413. Ali kamwana anamva Sahihi ya Bukhari, buku la mahadisi, zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, kwa nkhalamba Al-Hajjar, amenenso anaimva ali mwana kwa Ibn al-Zabidi. Kuchoka apo mndandanda umapita kwa Abul Waqt, Al-Dawudi, Al-Sarakhsi, Al-Firabri, n'kufika kwa Bukhari mwini, amene anamwalira mu 870. Anthu 6 okha pakati, m'zaka zoposa 500! N'chifukwa chake akatswiri ngati Ibn Hajar anakaphunzira kwa mayiwa pamene mayiwo anali atakalamba.

Koma chitsanzo chomwechi chikuonetsa malire ake. Kamwana sikangamvetse mahadisi. Ijaza yopatsira ena buku inkangotsimikizira njira imene mawu anadzera, osati nzeru za mwini wake. Ena ankaipempha kudzera m'kalata osaonana ndi shehe, ndipo mashehe ena ankaipereka kwa Asilamu onse a m'nthawi yawo, zimene akatswiri ena sankagwirizana nazo. Onama ankagwidwa ndi zaka: munthu akati anamva kwa shehe wakutiwakuti, ankayerekeza chaka chimene iye anabadwa ndi chimene sheheyo anamwalira.

Chilolezo chophunzitsa malamulo ndi kupereka fatuwa, yankho la katswiri pa funso la malamulo a Chisilamu, chinali china. Chimenechi munthu ankachipeza atakhala zaka zambiri pafupi ndi shehe mmodzi, nthawi zina akubwereza phunziro kwa ophunzira ocheperapo, kufikira sheheyo atakhutira ndi mmene akuyankhira mafunso ovuta pamtsutso.