Funso la malamulo limafuna dzina la dziko

"Bambo anga amwalira, koma mu wilo sananditchule. Kodi ndili ndi gawo pa chuma chawo?"

Anthu ambiri amaganiza kuti funso lotere lili ndi yankho limodzi, ngati kuti lamulo n'lofanana paliponse. Sizili choncho, ndipo amene wakuyankhani asanafunse kumene bambowo ankakhala akhoza kukusocheretsani.

Ku France lamulo limasungira ana gawo lomwe wilo singalande. Mwana akakhala mmodzi, gawolo ndi theka la chuma. Choncho pa mayuro 100,000, mwanayo ali ndi 50,000, kaya atchulidwe kaya ayi.

Ku England kulibe gawo lotere. Mwana wosiyidwayo amachita kukapempha kukhoti, kawirikawiri pasanathe miyezi 6 chitulukireni chilolezo chogawira chumacho, ndipo khoti likhoza kumukana. Ngakhale kunena kuti "ku Britain" sikokwanira, chifukwa ku Scotland ana ali ndi gawo pa ndalama ndi katundu wonyamulika, koma osati pa nyumba kapena malo.

Pofunsa, tchulani dziko ndi chigawo chimene malemuwo anakhazikika. Nenaninso kumene kuli nyumba, poti nkhani za malo nthawi zambiri zimatsata lamulo la komwe malowo ali.